Kukana Munthu Amene Sanakufunsire

Chambo chachitatu ndicho chinandisowetsa tulo. Ndinachipeza Lachisanu m'mawa pansi pa tebulo langa, chitakulungidwa m'nyuzipepala n'kuikidwa m'jumbo yakuda, chikadali chozizira. Panalibe dzina, koma aliyense mu ofesi anadziwa mwini wake, pakuti ndi mmodzi yekha mwa ife amene ankayenda msewu wa ku Monkey Bay sabata ndi sabata, n'kumaima pa Makawa pobwerera. Ulendo woyamba anatigawira anthu atatu, ine ndi amayi ena awiri, ndipo tonse tinathokoza mokweza. Ulendo wachiwiri nsomba inabwera kwa ine ndekha, iye n'kunena kuti kudoko kunali zochepa chifukwa cha mwera. Ulendo wachitatuwu sananene kanthu. Anangodutsa pakhomo, n'kundiyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa imene moni amafuna. Nsombayo ndinapita nayo kunyumba, ndinaipala, ndinaiphika, koma nsima nditapakula ndinangokhala n'kumaiyang'ana. Ndinazindikira kuti nthuli iliyonse imene ndingadye ikhala ngati yankho pa funso limene palibe anandifunsa.

Zaka zapitapo tsopano, koma ndimabwererabe ku usiku umenewo, chifukwa mpaka lero sindipeza dzina la chimene chinkachitika. Bambo uja sanandigwirepo. Sanalankhulepo mawu olaula. Anali munthu waulemu, wolimbikira ntchito, amene anandithandiza kupeza nyumba ya lendi pamene ndinali mlendo pa boma la Mangochi, ndisanazolowere kutentha kwa Okutobala ndiponso ndisanadziwe kuyankha moni wa Chiyao pamsika. Zimene ankachita, kuzitenga chimodzichimodzi, zinali zabwino zokhazokha. Mayunitsi a K2,000 olowa m'foni mwanga ndisanapemphe. Kulipira wa kabaza ndisanatsegule kachikwama. Uthenga wa pa WhatsApp cha m'ma 10 koloko usiku wofunsa ngati ndagona kale, ndipo wina m'mamawa wofunsa ngati ndadzuka bwino, pamene pakangotha maola awiri tikhala m'chipinda chimodzi. Ndikavala diresi latsopano iye ndiye anali woyamba kuliona. Ndikatsalira madzulo kumaliza malipoti a kutha kwa mwezi, nayenso ntchito yotsalira inkapezeka. Mukanandifunsa kuti walakwa chiyani, ndikanasowa choloza. Koma thupi langa linali litadziwa kale: ndinayamba kuchedwetsa kulowa mu ofesi mpaka nditaona kuti muli anthu ena.

Kwathu kufunsira kuli ndi njira yake, ndipo kukana nakonso kuli ndi njira yake. Mwamuna akanena mawu, mkazi amadziwa pamene waima. Akhoza kunena kuti akaganize, akhoza kumutumiza kwa amalume, akhoza kukana, ndipo onse awiri amadziwa chimene chachitika. Atsikana tinaphunzira zimenezi tikadali kusukulu. Chimene palibe anatiphunzitsa ndi kukana munthu amene sanakufunsire. Ukayamba ndiwe kunena kuti "sindikufuna," yankho lili pafupi: "Ndani wakufunani? Ine ndimangokuthandizani ngati mlongo wanga." Ukatero watsala wekha ndi manyazi, ndipo mawa lake nkhani yafala kuti mtsikana wa ku akaunti uja ndi wodzimva, amayesa mwamuna aliyense akumufuna. Ndikuganiza kuti amuna ambiri amene amayenda njira yachete imeneyi sachita dala mwankhanza. Nawonso amaopa kukanidwa, choncho amayandikira pang'onopang'ono, akusunga khomo lothawira. Koma khomo limenelo limakhala lawo okha. Mkazi amakhala m'nyumba yopanda potulukira, akulandira, akuthokoza, ngongole yosaoneka ikukula.

Kwa miyezi pafupifupi inayi ndinayesa njira zimene tonse timadziwa. Ndinayamba kumutchula kuti achimwene m'chiganizo chilichonse, ndikuyembekeza kuti mawuwo amanga mpanda. Iye anawalandira ngati dzina lachikondi. Ndinachedwetsa kuyankha mauthenga, iye n'kumafunsa ngati ndadwala. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi ndinatchula za "bwenzi langa la ku Zomba," munthu amene kunalibe, ndipo bodzalo linandipatsa mpumulo wa sabata ziwiri zokha. Kenako mafunso anayamba: akubwera liti, bwanji sakuyenderani, mwamuna wotani wosiya mkazi yekha kunyanja. Apa ndinaphunzira kanthu kamene ndikufuna atsikana anzanga akamve bwino. Ukakana ponena kuti uli ndi wina, sunanene kuti sukufuna. Wangonena kuti malo ali ndi munthu, ndipo womvayo amamva kuti adikire. Chifukwa chilichonse chimene ungapereke chimasanduka chinthu choti wina achichotse panjira.

Ndinakafotokozera amayi ena achikulire a pantchito pathu, amene anabadwira ku Malindi ndipo anaona anthu ambiri akubwera ndi kupita mu ofesi imeneyo. Anandimvetsera mofatsa, kenako anati, "Mwana wanga, kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ingomazembani, atopa okha." Mwambiwu ndinakula nawo ndipo ndimaulemekeza. Umatiphunzitsa kuti munthu sumukana pamaso ngati ukumumenya mbama, umamusiyira ulemu wake. Koma usiku umenewo ndinaulingalira kwambiri, ndipo ndinaona kuti ine nsaluyo ndinali nditaiviika kwa miyezi inayi, ndipo mwini wake ankaona nsalu ili m'madzi n'kumakhulupirira kuti ichapidwa. Kuviika kumathandiza pamene winayo akudziwa kuwerenga chizindikirocho. Munthu amene mtima wake wayamba kuyembekezera sawerenga choncho. Kumwetulira kwaulemu amakuwerenga ngati lonjezo. Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi kuzemba kwangako kunali kumuchitira iye chifundo, kapena kudziteteza ndekha ku mphindi zisanu zowawa? Yankho silinandisangalatse, koma linali loona. Munthu ankawononga ndalama zake ndi chiyembekezo chake, ine ndikudziwa bwino lomwe kuti sizidzapita kulikonse.

Chimene chinandikankha ndi dalaivala wathu. Tinali pa ulendo wa ku Namwera, titangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi, pamene anatembenuka n'kunditchula kuti "alamu," galimoto yonse n'kuseka. Bambo uja sanaseke mokweza, koma sanakane. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhaniyo yatuluka m'manja mwanga. Mangochi ndi boma lalikulu koma tauni yake ndi yaing'ono. Wa kabaza amene wakutenga m'mawa ndi mlamu wa mwini nyumba yako, mayi wogulitsa usipa amapemphera ndi mnzako wa kuntchito. Dzina likakumatirira silichoka msanga. Ndinaganiza zolankhula naye pamaso, koma ndinkadzidziwa: ndikaona nkhope yake ikugwa ndidzafewetsa mawu mpaka atatha mphamvu, mwinanso ndidzaseka chifukwa cha mantha. Komanso kulankhula pamaso kukanamukakamiza kuyankha nthawi yomweyo, manyazi ali pamphumi, ndipo munthu wochita manyazi amayankha ndi ukali kapena ndi bodza. Kalata imamupatsa munthu mpata wochita manyazi ali yekha. Ndicho chifukwa chake ndinalemba.

Ndinalemba katatu. Kalata yoyamba inadzaza masamba awiri, ndipo nditaiwerenga m'mawa ndinapeza mawu oti "pepani" kasanu ndi kawiri. Ndinkapepesa chifukwa cholandira nsomba, chifukwa chomwetulira, chifukwa cholemba kalatayo. Ndinali nditamuyamikiranso kwambiri, kuti ndi mwamuna wabwino, kuti mkazi amene adzamukwatire adzakhala wamwayi, ndipo ndinalembamo mawu awiri oopsa, "pakali pano." Munthu wofuna chiyembekezo akanachipeza pamzere uliwonse. Yachiwiri ndinailemba nditakwiya, ndikukumbukira kuseka kwa m'galimoto kuja, ndipo inali ngati chikalata cha kukhoti. Inanena kuti ndikudziwa zimene akufuna ndiponso kuti aleke kundivutitsa. Imeneyi inali ndi vuto lina: inkaweruza mtima wake, pamene mtima wa munthu sindingauone. Akanangoti "mwandiganizira molakwa," ndipo tikanayamba kukangana za zimene zili m'mutu mwake, mkangano umene sindikanapambana. Apa m'pamene ndinapeza chinthu chimene chinamasula zonse. Sindinkafunika kutsimikiza kuti amandifuna. Ndinkangofunika kutchula zinthu zimene zinkachitika, zimene tonse awiri tinkazidziwa, kunena mmene ndinkazimvera ine, ndi kupempha kuti zisiyike. Nsomba ndi nsomba, uthenga wa usiku ndi uthenga wa usiku. Zimenezi palibe angazikane.

Yachitatu inali yaifupi, ndipo ndinasunga kope lake:

"Achimwene, ndalemba kalatayi kuti muwerenge panokha, ndipo sindinauze aliyense kuti ndakulemberani. Ndikuthokoza chifukwa cha mmene munandilandirira nditangofika kuno. Pali zinthu zimene ndakhala ndikulephera kunena pamaso. Mphatso za nsomba ndi mayunitsi, mauthenga a usiku ndi m'mamawa, ndi kundidikira ndikatsalira, kwa ine zikumveka ngati zopitirira ubale wa pantchito, ndipo sizikundipatsa mtendere. Mwina si mmene inu mumaganizira, ndipo ngati ndi choncho palibe chifukwa chofotokozera. Koma kuti pasakhale kukayika: ine sindikufuna chibwenzi, ndipo maganizo amenewa sasintha. Ndikupempha kuti mphatso zilekeke, kuti tizilemberana za ntchito zokha pa nthawi ya ntchito, ndiponso kuti anzathu akamanditchula kuti alamu muziwaletsa. Ndipitiriza kukulemekezani ndi kugwira nanu ntchito monga kale. Simukuyenera kuyankha kalatayi."

Mzere umene unandivuta kwambiri ndi uja woti mwina si mmene iye amaganizira. Ndinaufufuta, ndinaubwezera, ndinaufufutanso. Mbali ina ya mtima wanga inkati ndikumupatsa pobisala pamene iye sanandipatse ine. Koma pomaliza ndinausiya, ndipo lero ndikukhulupirira kuti ndiwo unanyamula chifundo chonse cha kalatayo. Unamulola kudziuza yekha, ngakhale kuuza ena, kuti sanakanidwe chifukwa sanafunsire. Ine sindinkafuna kuti avomere kulakwa, ndinkafuna kuti zinthu zisinthe. Koma mzere umenewo ukanakhala wokha ukanagwetsa zonse, n'chifukwa chake wotsatira wake unayenera kukhala wouma ngati mwala, wopanda "mwina," wopanda "pakali pano," wopanda chifukwa. Ndinachotsanso mawu oti tikhalebe mabwenzi. Ndinkawafuna ndithu, koma ndinaona kuti ubwenzi ndi umene unali njira yodzera zonsezi, ndipo kuulonjeza tsiku lomwelo kukanakhala kutseka chitseko n'kusiya zenera.

Panalinso nkhani ya ndalama. Ndinawerengera mayunitsi onse amene ananditumizira, anakwana K9,000, ndipo ndinaganiza zomubwezera pa Airtel Money. Ndinakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali. Kubweza mphatso kwathu kuno ndi mawu aakulu kuposa kalata iliyonse; kuli ngati kunena kuti dzanja lako ndi lodetsedwa. Sindinabweze. Zimene zinaperekedwa kale ndinazisiya kuti zikhale mphatso monga anazitchulira mwini wake, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti chilichonse chobwera pambuyo pa kalatayo ndidzachibweza tsiku lomwelo. Sindikudziwa ngati wina angasankhe chimodzimodzi. Mnzanga wina amati ndikanabweza zonse kuti pasatsale chingwe. Mwina akunena zoona pa anthu ena, makamaka amene amakumbutsa zimene anakupatsa. Uyu sanali wotero.

Ndinasankha pepala osati WhatsApp, chifukwa uthenga wa pafoni umajambulidwa n'kutumizidwa kwa anthu khumi m'kanthawi kochepa, ndiponso umaitana yankho la msangamsanga, timizere tiwiri tija tikangosanduka tabuluu. Sindinatume munthu. Lachisanu madzulo, anthu akutuluka, ndinamupatsa envelopu m'manja ndi kunena kuti, "Achimwene, mukawerenge kunyumba." Ndinasankha Lachisanu kuti akhale ndi masiku awiri tisanaonanenso. Ndinayenda wapansi mpaka pa nsanja ya wotchi ija ya Mfumukazi Victoria, miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinaima kanthawi ndikuyang'ana Shire akutsetsereka kupita ku Malombe. Sindinamve kumasuka kumene ndinkayembekezera. Ndinamva chisoni, ngati munthu amene waswa mbale ya mnzake.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti kalata yotere ili ndi malire ake. Inatheka chifukwa bamboyo ndi ine tinali pa mlingo umodzi. Sankasaina malipiro anga, sankasankha amene apite ku semina ya ku Nkopola kumene kuli maalawansi, sakanatha kundisamutsira ku Makanjira. Akanakhala bwana wanga, envelopu yomweyo ikanatha kundidyera ntchito mwakachetechete, ndipo kumeneko mkazi sayenera kuyenda yekha. Ambiri tinamva mu 2021 pamene bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lake pa madandaulo a amayi ogwira ntchito ku MBC, ndipo tinaona kuti pamene pali mphamvu, kukana mwaulemu sikukwanira. Lamulo lilipo. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa khalidwe losafunidwa lokhudza zachiwerewere, kaya ndi la mawu, la zizindikiro kapena logwira thupi, ndipo chilango chake chimafika pa K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Mawu ofunika m'lamulomo ndi akuti "losafunidwa." Sindinalembe kalata yanga ndikuganiza za khoti, ndipo sindikukhulupirira kuti zimene bamboyo anachita zinafika pamenepo. Komabe ndinaika deti pamwamba ndipo ndinasunga kope, chifukwa kuyambira tsiku limenelo palibe akananenanso kuti sankadziwa. Chifundo ndi kudziteteza zinakwanira pa pepala limodzi, ndipo sindiona kuti chimodzi chinadetsa chinzake.

Lolemba anafika mochedwa. Anapereka moni kwa onse pamodzi, maso ali pakhoma. Sabata yonseyo sanandilankhule, ndipo mafayilo amene ankabweretsa yekha anayamba kubwera ndi mesenjala. Ndinavutika nazo, ndipo kangapo konse ndinafuna kupita pa tebulo lake kukafunsa ngati ali bwino, kukaseka naye pang'ono kuti mpweya upepuke. Ndikuthokoza kuti sindinapite. Pamenepo m'pamene ambiri timagwetsera mpanda umene tamanga ndi manja athu, chifukwa sitipirira kuona munthu atatikwiyira. Kuzizira kwake kunali kwake, ndipo anali ndi ufulu wokhala nako. Chimene ndinayenera kuyang'ana si nkhope yake koma zinthu zitatu zimene ndinapempha, ndi chachinayi chimene sindinalembe: ngati ntchito yanga iyamba kuvutika. Mapepala anga akanayamba kuchedwa dala, akanayamba kundinyoza pamsonkhano, kapena kalatayo ikanayamba kuwerengedwa pa malo omwera, ndikanadziwa kuti nkhaniyo yasintha mtundu ndipo ndikanapita nayo kwa akuluakulu. Sizinachitike. Uthenga wa usiku unabwera kamodzi kokha, patatha sabata zitatu, wongoti "Mwagona?" Sindinayankhe, ndipo m'mawa ndinamupatsa moni monga mwa masiku onse. Sunabwerenso.

Za "alamu" zija zinatha mwa njira imene sindinaione ndi maso. Ndinangozindikira tsiku lina kuti dalaivala wabwerera kunditchula kuti achemwali. Patapita nthawi amayi a ku Malindi aja anandinong'oneza kuti bamboyo ndiye anamuletsa, ndipo anachita zimenezo popanda kutchula kalata. Pa zonse zimene anandichitirapo, nsomba, mayunitsi, nyumba ya lendi, ichi ndicho ndimachiwerengera kuti chinali mphatso yeniyeni, chifukwa sichinkayembekezera kanthu.

Komabe pali chimene chinatayika, ndipo sindifuna kunamizira kuti palibe. Tisanafike pa zonsezi tinkacheza bwino. Ndiye anandifotokozera chifukwa chake makoka amaletsedwa m'nyanja mu Novembala ndi Disembala, kuti ndi nyengo imene chambo chimaswana, ndiponso kuti chambo chachikazi chimasunga ana ake m'kamwa. Ndiye anandiphunzitsa kuyang'ana maso ndi makha a nsomba ndisanagule. Macheza amenewo sanabwererenso. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina ziwiri mwaulemu, tikuseka pamodzi ndi gulu, koma osakhalanso awiri pakhonde. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikanalemba msanga, pa chambo chachiwiri chija, chiyembekezo chake chisanamere mizu, mwina ubwenziwo ukanapulumuka. Ndikuganiza kuti ukanapulumuka. Chimene chinaupha si kalata, koma miyezi inayi imene ndinamwetulira ndikudziwa. Nthawi zinanso ndimaganiza kuti mtolo umenewu sunayenere kukhala wanga ndekha, kuti iyenso anali ndi maso oonera kuti mkazi amene akuchedwa kuyankha, amene akubwereza "achimwene" kosalekeza, akunena kanthu. Maganizo awiriwa ndimakhala nawo onse, ndipo palibe limene lagonjetsa linzake.

Iye anasamukira ku boma lina, ndipo ndinamva kuti anakwatira. Pa tsiku lotsanzikana anagwirana chanza ndi aliyense, atafika pa ine anati, "Achemwali, zikomo chifukwa munandiuza ine osati anthu." Za kalatayo sananenepo china, tsiku limenelo lisanafike kapena pambuyo pake. Kope langa likadali m'sutikesi, pamodzi ndi masatifiketi anga a kusukulu.